Patatha miyezi isanu ndi itatu ndikugwiritsa ntchito pulogalamu yowerenga timabokosi ta pa fomu

Pamene ndinkayamba kugwiritsa ntchito pulogalamu imeneyi, ntchito yanga inali yolowetsa pamanja mu kompyuta mayankho a pa mafomu ojambulidwa pa sikana, kabokosi ndi kabokosi, kulemba ngati kachongedwa kapena ayi. Tsopano patha miyezi isanu ndi itatu, ndipo ndikuona kuti pulogalamuyi ndi yodalirika pa mafomu odzazidwa mwaukhondo, koma imafunika munthu pambali pake pamene wodzaza fomu anasintha maganizo.

Pulogalamuyi sizindikira chizindikiro cha kuchonga monga momwe diso la munthu limachitira. Imangowerenga timadontho takuda timene tili mkati mwa kabokosi, n'kuyerekeza ndi timadontho tonse ta m'kabokosiko. Timabokosi ta pa mafomu athu ndi ta mamilimita 5 mbali iliyonse, ndipo tikajambula pa `300 dpi`, kutanthauza timadontho 300 pa inchi iliyonse ya chithunzi, mbali iliyonse imakhala ndi timadontho pafupifupi 59. Popeza mzere wa m'mphepete mwa kabokosi nawonso ndi wakuda, ndinaikonza kuti izisiya timadontho 8 mbali zonse zinayi, motero mkati mumatsala timadontho 43 m'litali ndi 43 m'lifupi, tonse pamodzi 1,849. Munthu akachonga ndi cholembera cha inki, mzere wake umadetsa timadontho pafupifupi 300, zomwe ndi maperesenti 16, pamene kabokosi kosakhudzidwa kawirikawiri sikafika ngakhale pa maperesenti 2.

Mwezi woyamba ndinaika malire amodzi okha, akuti kabokosi kopitirira maperesenti 10 ndi kochongedwa ndipo kena kalikonse ndi kosachongedwa. Pa mafunso ofuna yankho limodzi, pulogalamuyi inkasankha kabokosi kakuda kwambiri. Vuto la lamulo limeneli ndinalitulukira pamene ndinkafananiza mapepala enieni ndi zimene zinalowa m'tebulo la mayankho mu kompyuta. Pa fomu ina, munthu anachonga pa "Inde", kenako anazindikira kuti walakwitsa, anakhwatcha kabokosiko mpaka kuda bii, n'kuchonga bwinobwino pa "Ayi". Kabokosi kokhwatchidwa kanali pa maperesenti 70, kochongedwa pa maperesenti 15, ndipo m'tebulo munalowa "Inde", yankho lomwe mwini wake analikana ndi dzanja lake. Zimenezi zinandisowetsa mtendere, chifukwa cholakwika chotere sichionekera m'tebulo, chimangooneka ngati yankho lina lililonse.

Kuyambira pamenepo ndinasiya kugawa timabokosi m'magulu awiri okha ndipo ndinawonjezera gulu lachitatu la tokayikitsa. Kabokosi kosafika maperesenti 3 kamalembedwa kuti n'kosachongedwa, ka pakati pa 10 ndi 60 kamalembedwa kuti n'kochongedwa, ndipo ka pakati pa 3 ndi 10 kapena kopitirira 60 kamabwera kwa ine kuti ndikaone ndi maso. Chimodzimodzinso funso lofuna yankho limodzi likakhala ndi timabokosi tiwiri todetsedwa, pulogalamuyi siiloledwanso kusankha yokha. Gulu lachitatuli ndi limene limagwiranso mchira wa chizindikiro umene walowerera m'kabokosi koyandikana, komanso mzere wa pamene pepala linapindidwa.

Pali chinthu china chimene ndinachedwa kuchimvetsa, chakuti kabokosi kosachongedwa sikatanthauza kuti yankho ndi "Ayi". Ngati timabokosi tonse ta funso tili topanda kanthu, ndiye kuti funsolo silinayankhidwe, ndipo m'tebulo timalemba `1` pa kochongedwa, `0` pa kosachongedwa, koma pa funso lodumphidwa timasiya malo opanda kanthu, kuti wowerengetsera pambuyo pake asaphatikize osayankha ndi okana.

Zolakwika zambiri zimene zatsala zimachokera pa kajambulidwe, osati pa pulogalamuyi. Sikana ikaikidwa pa `Black & White`, chizindikiro cha pensulo chosakanikiza chimazimiririka chisanafike n'komwe kwa pulogalamu, choncho timajambula pa `Grayscale`, imene imasunganso mitundu yotuwa, nthawi zonse. Pepala likalowa mopendekeka ngakhale ndi digiri imodzi, timabokosi ta kumunsi kwa tsamba la `A4` tingathe kusuntha ndi mamilimita pafupifupi 5, komwe ndi kukula kwa kabokosi kathunthu, ndipo mzere wa m'mphepete umawerengedwa ngati inki. Chizindikiro cha vutoli n'chosavuta kuchiona, pakuti mafunso omalizira onse amaoneka ochongedwa pamene oyambirira ali bwinobwino. Tinasindikiza timadontho tikulutikulu takuda m'ngodya zinayi za fomu kuti pulogalamuyi iziwongolera tsamba isanayambe kuwerenga, ndipo vutoli linachepa kwambiri, kupatula pa mafomu a fotokope amene ngodya zake zinadulidwa. Amenewo ndimawalowetsabe pamanja mpaka lero.