Phewa la kondakita wanga, miyezi 7 chiikire ma twisiti ndi shepu kii

"Mudala, rigi ija ya phewa munkaitama ija ikugwirabe, kapena munaitaya?"

Ikugwirabe mphwanga, koma siili ngati mmene ndinakuonetsera tsiku lija ku Kalingalinga. Kalakita ndi yemwe uja, kondakita wa minibasi ya ku Matero, ndiye ukudziwa munthu ameneyu mkono sutsika, pena wagwira pamwamba pa chitseko pena akukodola anthu. Poyamba ndikakweza mkono mu Blender, pulogalamu yopangira makatuni a 3D ija, phewa linkaphwa ngati chubu chotha mpweya, ndikaupotoza pamwamba pake pankafinyika ngati kapepala ka switi.

Ma twisiti, timafupa togawana kupotoka kwa mkono, sanandivute kwambiri. Fupa la mkono wakumtunda ndinaligawa patatu. La pafupi ndi phewa ndinalimangirira ku fupa la kolala, lili ndi Damped Track yoloza pa chigongono, ndiye limatsatira kukwera kwa mkono koma silipotoka. Lapakati limatenga theka la kupotoka, lakumunsi lonse. Chomwe ndinasintha ndi chimodzi chabe, lapakatilo linali ndi Copy Rotation pa Y ndipo mkono ukakwera kwambiri linkatembenuka lokha mwadzidzidzi, fulemu imodzi bwinobwino yotsatira dzanja la malaya lapindika. Ndinachotsa n'kuika dalaiva, kasamu koyendetsa fupalo lokha, ya Transform Channel, Y Rotation, Local Space, mode ikhale Swing and Y Twist, kuchulukitsa ndi 0.5. Chichokereni tsiku limenelo zii.

Preserve Volume ndinayesako sabata imodzi, phewa linasiya kuphwa zoona koma linayamba kutupa ngati walumidwa ndi njuchi, ndinaizimitsa.

Manje nkhani yeniyeni ndi ya shepu kii, maonekedwe osema pamanja okonzera pamene thupi lapindika moipa, apa ndi pomwe ndinalira. Ndinali ndi imodzi ya mkono utakwera, ndinadzaza nyama ya paphewa n'kukonza kukhwapa komwe kunkalowa mkati, inkaoneka bho. Mwezi wachitatu ndinaona kuti mkono ukakwera chifuwa chikukokeka kwambiri, ndinalowa mu Weight Paint n'kuchepetsa weyiti ya fupa la mkono pamenepo, kanthu kochepa ndithu. Nditaseweranso shoti yakale ya kondakita akugwira chitseko, paphewa pali kachotupa kosongoka ngati wabisa mango m'malaya. Ndinataya madzulo onse ndikufufuza mu dalaiva, kumachita kuthamanga ndi batire ya laputopu poti magetsi anali atapita.

Vuto silinali dalaiva. Shepu kii imagwira ntchito pa meshi Armature modifier isanapinde chilichonse, ndiye zomwe umasema zija ndi mankhwala a bowo lomwe ma weyiti a tsiku limenelo ankapanga. Ukasintha weyiti bowolo lasuntha kapena lachepa koma shepu kii ikukankhabe ma veteksi omwe aja mulingo womwe uja. Kuzindikira kwake n'kosavuta, zimitsa dalaiva kaye n'kutsitsa Value ifike 0 mkono uli m'mwamba, ngati chotupa chatha n'kutsala kabowo kakang'ono ndiye kuti shepu kii yakalamba. Ndinasemanso yonse mbali ziwiri.

Posemanso ndinaona kulakwa kwina kwanga. Ndinkakweza mkono wokha kolala ili duu. Imirira pagalasi ukweze mkono, uona phewa lonse likukwera kupita ku khutu. Pa madigiri 180 amene mkono umafika, pafupifupi 120 amachokera pa mfundo ya phewa, 60 enawo ndi fupa lakumbuyo kwa phewa likuzungulira. Nditayamba kukweza kolala mu animeshoni bowo linachepa lokha, shepu kii yatsopanoyi ndi yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi yakale ija.

Dalaiva yake nayo ndinaisintha. Inali Rotational Difference, imene imangoyeza ngodya pakati pa mafupa awiri osadziwa kuti mkono walowera kuti, ndiye kondakita akatambasula dzanja kutsogolo kulandira ndalama phewa linkafufuma ngati wakweza m'mbali. Pano ndi Swing and Y Twist yomweyo koma Z Rotation, kwa iwe itha kukhala X malinga ndi Roll ya fupa lako. Kalakita wanga ali mu A-pozi, ndiye imayamba mkono ukakwera madigiri 45 n'kudzaza pa 90, manambala ali mu ma rediyani:

```
(var - 0.785) / 0.785
```

Range ya shepu kii ili 0 mpaka 1 ndiye zopitirira imadula yokha. Mkono wina umafuna `-var`, ndinaiwala kamodzi phewa lakumanzere linakhala lophwa shoti yonse.

Chomwe sichinathebe ndi pamene mkono uli m'mwamba komanso kutsogolo pang'ono, kukhwapa kumapindika moipa. Pakufunika shepu kii ina ya pamenepo koma sindikuigwira mpaka nditamaliza ma weyiti a jekete yomwe kasitomala wawonjezera sabata yatha.