Wamalonda woyendayenda pa mizinda 20: kuyesa njira zonse, kudziitana ndi `map`, kapena tebulo la maski?

Anzanga amene tikukonzekera limodzi mipikisano yolemba mapulogalamu andifunsa kangapo kuti funso la wamalonda woyendayenda ndimalilemba bwanji mizinda ikakhala yochepa. Funsoli limafuna ulendo waufupi kwambiri wodutsa mzinda uliwonse kamodzi n'kubwerera poyambira. Ndaona kuti ndiyankhe kamodzi kokha pano, popeza njira zitatu zimene timatsutsirana ndazilembapo zonse, ndipo imodzi inandipweteka zedi.

Yoyamba sinditayirapo nthawi. Mumayesa mndandanda uliwonse wa mizinda ndi `next_permutation`, n'kusunga ulendo waufupi kwambiri. Mzinda woyambira ukakhala umodzimodzi, maulendo amakwana (n-1)!. Pa mizinda 10 ndi 362,880 basi, kompyuta siimva n'komwe. Pa mizinda 13 afika kale 479,001,600, ndipo uliwonse mukuyenera kuuwerengera kutalika kwake. Mizinda ikakhala 10 kapena 11 lembani imeneyi, simulakwitsa. Ikaposa pamenepo iiwaleni.

Njira ziwiri zotsalazo maganizo ake ndi amodzi, aja amene Bellman anasindikiza mu 1962, chaka chomwechonso Held ndi Karp anasindikiza awo. Mfundo yake ndi yakuti mukakhala pakati pa ulendo, zofunika kudziwa ndi ziwiri zokha: mizinda imene mwapitamo kale, ndi mzinda umene mwaimapo. Dongosolo limene munadutsira m'mizindayo silikhudza ulendo wotsala. Gulu la mizindalo timalisunga mu nambala imodzi, maski, biti iliyonse kuimira mzinda umodzi.

Titenge mizinda inayi, 0 mpaka 3. Kuchokera ku 0 kupita ku 1 mtunda ndi 2, ku 2 ndi 9, ku 3 ndi 10. Pakati pa 1 ndi 2 pali 6, pakati pa 1 ndi 3 pali 4, pakati pa 2 ndi 3 pali 8. Maski `1011`, powerenga mabiti kuchokera kumanja, ikutanthauza kuti tapita ku 0, 1 ndi 3. Tikathera pa 3 tadutsa 0, 1, 3, ndipo mtunda ndi 6. Tikathera pa 1 tadutsa 0, 3, 1, mtunda ndi 14. Tsono kuti tifike pa 2 mizinda yonse itatha, tisankha chochepa pakati pa 6 + 8 ndi 14 + 6, ndiye 14. Kuwonjezera 9 wobwerera ku 0, ulendo ukwana 23, ndipo maulendo ena awiriwo amapereka 26 ndi 29. Ntchito yonse imakula ngati n²·2ⁿ, zimene pa mizinda 20 kompyuta imakwanitsa bwinobwino mu C++.

Kusiyana kuli pa malo osungira mayankhowa. Apa ndi pamene ndinapsa.

Ine ndinkakonda fankishoni yodziitana yokha, `solve(mask, pos)`, mayankho n'kumawaika mu `map<pair<int,int>,int>`. Kunena zoona imawerengeka bwino, ndipo munthu amene akuphunzira kumene amaimvetsa msanga kuposa tebulo. Ndinkadziuzanso kuti ndikusunga memore, poti `map` imangosunga zokhazo zimene pulogalamu yafikako. Pa mpikisano wina woyeserera funso linali la mizinda mpaka 20, malire a memore ali 256 MB. Zitsanzo zonse zimene anatipatsa zinadutsa. Nditatumiza, chimene ndinaona ndi `Memory Limit Exceeded`, ndipo ndinatha pafupifupi ola lathunthu ndikufunafuna cholakwika m'kudziitanako, chonsecho munalibe vuto.

Nditawerengera pambuyo pake ndinaona pamene ndinadzinamiza. Pa funso limene mzinda uliwonse uli ndi msewu wopita ku mzinda wina uliwonse, palibe chimene pulogalamu imasiya osafikako. Mukayambira pa 0, mzinda woimapo ungakhale uliwonse mwa 19 otsalawo, ndipo mizinda ina 18 ingakhale m'gululo kapena ayi. Izi zikupereka 19 × 2¹⁸, kapena kuti mayankho 4,980,736. Yankho lililonse ndi mabayiti 4 okha, koma `map` ndi mtengo, ndipo mfundo iliyonse ya mtengowo imanyamula mapointa atatu, chizindikiro cha mtundu wake, kiyi, kenaka yankholo. Pa makina a mabiti 64 zimenezi zimakwana mabayiti 48, osawerengera amene `malloc` imawonjezera pa chidutswa chilichonse. Mabayiti 48 okhawo afika kale pafupifupi 240 MB, ndiye kuwonjezera enawo malire aja adumphidwa. Kusunga mabayiti 4 ndinkalipira oposa 48. Komanso pofuna yankho lililonse pulogalamu imatsika mtengo wa masitepe opitirira 20, uku ikudumphadumpha mu memore, motero ngakhale memore ikanakwanira, nthawi ikanandithera. Zitsanzo za mizinda 4 kapena 8 sizingakuonetseni zimenezi. Ena amati `unordered_map` imathetsa vutoli. Imapepukirako ndithu, koma nayonso imapempha memore pa yankho lililonse palokha.

Kuyambira tsiku limenelo ndimalemba tebulo, momwe `dp[m][i]` ndi mtunda wochepa kwambiri wodutsa mizinda ya m'maski `m` n'kuthera pa `i`, `d[i][j]` ndi mtunda wochokera ku `i` kupita ku `j`, ndipo `INF` ndi nambala yaikulu yoimira malo amene sitinafikeko:

```
for (auto &r : dp) for (int &x : r) x = INF;
dp[1][0] = 0;
for (int m = 1; m < (1 << n); m += 2)
  for (int i = 0; i < n; i++) {
    if (!(m >> i & 1) || dp[m][i] == INF) continue;
    for (int j = 0; j < n; j++)
      if (!(m >> j & 1))
        dp[m | 1 << j][j] = min(dp[m | 1 << j][j], dp[m][i] + d[i][j]);
  }
```

Kuyenda ndi `m` kuchokera pansi kupita m'mwamba n'kokwanira, chifukwa kuyatsa biti ina kumakulitsa nambala nthawi zonse, choncho gulu laling'ono limatha kuwerengedwa lisanafunike ndi lalikulu. `m += 2` imadumpha maski onse amene mulibe mzinda 0. Pamapeto mutenga chochepa mwa `dp[(1<<n)-1][i] + d[i][0]`.

Ubwino wa tebulo ndi wakuti kukula kwake mumakudziwa musanalembe mzere ndi umodzi womwe. `int dp[1<<20][20]` ndi malo 20,971,520, kuchulukitsa ndi 4 ndi pafupifupi 84 MB. Likhale kunja kwa `main`, apo ayi pulogalamu igwa isanayambe n'komwe. Mukasintha kukhala `long long` popanda chifukwa, mwafika pa 168 MB. Malire akakhala 64 MB, chotsani mzinda 0 m'maski, tebulo likhale 2¹⁹ × 19, ndipo litsika kufika pafupifupi 40 MB. Funso likafuna ulendo weniweniwo, musamange tebulo lachiwiri losungira kumene munachokera. Bwererani m'mbuyo kuchokera pa maski yodzaza, pa sitepe iliyonse n'kufuna `j` amene `dp[m ^ 1 << i][j] + d[j][i]` ikufanana ndi `dp[m][i]`.

Tebulo nalo lili ndi msampha wake. Mukaika `INF` kukhala `INT_MAX` n'kuiwala `continue` uja, kuphatikizako kumasefukira, ndipo mudzazindikira poona yankho la nambala yaikulu yokhala ndi `-` kutsogolo. Ine ndimaika `1e9`, malinga ngati mitunda yonse pamodzi siingafike pamenepo.

Sindikunena kuti kudziitana n'koipa pakokha. Mukakusiya momwemo koma `map` n'kuisinthanitsa ndi tebulo lodzaza `-1`, muli bwino, popeza kuya kwake sikuposa 20, ndipo kumangochedwerako pang'ono. Mkwiyo wanga uli pa `map`, ndipo pa funso ili sindidzaigwiranso.

Malire a tebulo nawonso ali pafupi. Mzinda umodzi ukawonjezeka memore imaposa kuwirikiza kawiri, moti pa mizinda 25 `int` yokhayo ikufuna pafupifupi 3.4 GB. Ndiye ndikaona funso likuti n ≤ 11 ndimalemba `next_permutation`, likati n ≤ 20 ndimayamba ndawerengera mabayiti papepala kenaka n'kulemba tebulo, ndipo likanena mizinda 30 ndimaliwerenganso mofatsa, chifukwa pamakhala mfundo ina imene ndaiphonya.