Chatiboti ya kalabu yathu ya tiyi, patatha dzinja lathunthu

"Achimwene, chatiboti yoyankha alimi ija ikugwirabe? Ifenso kuno ku Thyolo tikuifuna, koma ena akuti bola kuphunzitsanso modelo, ubongo wake wopanga mayankho uja, pogwiritsa ntchito zikalata zathu."

Ikugwira ndithu, achemwali. Tinaiyamba kuno ku Mulanje mvula isanagwe, ndipo yadutsa nafe dzinja lonse, nyengo imene tiyi amaphuka kwambiri, mafunso n'kumabwera usana ndi usiku.

Njira yake ndi ija amati RAG, dzina lomwe linatchuka mu 2020 ndi kafukufuku wa Patrick Lewis ndi anzake. Zikalata za mitengo, ngongole ya feteleza ndi malamulo a kalabu tinazidula tizidutswa. Mlimi akafunsa, pulogalamu imayamba yasaka tizidutswa tisanu togwirizana kwambiri ndi funsolo, ndiye modelo imayankha kuchokera m'menemo, n'kutchulanso chikalata chake.

Ubwino wake ndinauona tsiku limene mtengo wa masamba unasintha. Tinaika kalata yatsopano, tsiku lomwelo yankho n'kusintha. Kukanakhala kuphunzitsanso modelo, tikanayamba kukonza zitsanzo za mafunso ndi mayankho, kulipira makina amphamvu, ndiye n'kumayesa ngati yaiwaladi mtengo wakale. Komanso modelo yotero ikanena nambala, singakulozereni tsamba limene yaitenga. Pa nkhani ya ndalama za mlimi, ine zimenezo sindingavomere.

Mavuto alipo, ndipo ambiri amachokera pa kusaka. Mayi wina anafunsa kuti pa kilo amudula zingati za ngongole ya feteleza, nambala imene analandira inali ya chaka chatha. Titatsegula tizidutswa tisanu tija, tinapeza kuti kalata yakale ndi yatsopano zinabwera limodzi, mawu ake ofanana, koma deti linali pamwamba pa tsamba, ndiye linatsalira m'kachidutswa kena. Modelo inalibe podziwira. Pano kachidutswa kalikonse kamayamba ndi mutu wa kalata ndi deti lake, ndipo kalata ikatha ntchito timaichotsa. Yankho likalakwika, yambani mwaona zimene yatola. Ngati choona mulibe m'menemo, kusintha modelo n'kutaya ndalama.

Chimene chikundiwawabe n'chilankhulo. Zikalata zambiri n'zachingerezi, alimi amafunsa m'Chichewa, ena kusakaniza ndi Chilomwe, ndipo kusaka kumaphonya. Tinalemba chidule cha Chichewa pamwamba pa kalata iliyonse, zinachepako, koma Chichewa cha mayankho n'chouma mpaka pano. Apa ndiye kuphunzitsanso kungathandize, chifukwa kumasintha kalankhulidwe ka modelo, zimene mulu wa zikalata sungachite.

Inu yambani ndi RAG. Koma musanagule chilichonse, sankhani munthu mmodzi wa mu ofesi woti aziika kalata yatsopano ndi kuchotsa yakale tsiku limene yafika.