Tesseract, Google Lens kapena kutaipa nokha: chothandiza n'chiti zilembo zikakhala zokongoletsa?

Tengani khadi ya ukwati. Pamwamba pali mayina a akwati olembedwa mopiringiza, zilembo zagolide pa pepala labuluu wakuda, mchira wa chilembo choyamba utatsika mpaka kukhudza mzere wapansi. M'munsi muli tsiku, malo ndi nambala za foni m'zilembo wamba. Mukafuna kuti makina akutulutsireni mawu onsewa kuti muwatumize pa WhatsApp kapena muwasunge pa kompyuta, mudzaona kuti gawo lapansi lituluka bwino, koma mayina atuluka zophwanyikaphwanyika.

Tesseract, pulogalamu ya pa kompyuta yowerenga mawu a m'chithunzi, ndi yaulere ndipo siifuna intaneti, koma pa khadi yotereyi ndi imene imagwa msanga. Isanawerenge chilichonse, imasandutsa chithunzi kukhala chakuda ndi choyera chokhachokha, kenako n'kufufuza mizere. Golide wonyezimira pa buluu amasokoneza gawo loyambalo, chifukwa pamene pawala pamafufutika ndipo chilembo chimaduka. Mchira wotsika uja umasokoneza gawo lachiwiri, poti umalumikiza mizere iwiri kukhala chinthu chimodzi. Kuyambira mu 2018, pamene mtundu wa 4 unatuluka, Tesseract imawerenga mzere wonse pamodzi osati chilembo chimodzichimodzi, ndiye zilembo zolumikizana siziivutanso ngati kale. Komabe inaphunzira pa zilembo za m'mabuku ndi m'manyuzi. S wokhala ndi malupu atatu siimudziwa.

Mungaithandize podula mzere umodzi wokha, kuchotsa mtundu, kutembenuza kuti zilembo zikhale zakuda pa choyera, n'kuukulitsa ndi pulogalamu yokonzera zithunzi ya ImageMagick:

```
magick khadi.jpg -crop 1200x300+100+400 +repage -colorspace Gray -negate -resize 200% mzere.png
tesseract mzere.png stdout --psm 7
```

Manambala a `-crop` musinthe malinga ndi pamene pali mzere wanu. `--psm 7` ikuuza Tesseract kuti pali mzere umodzi basi, isavutike kufufuza ndime. Ngati ndi liwu limodzi, monga la pa chizindikiro cha kampani, ikani `--psm 8`. Koma dziwani malire ake. Kukonza kumeneku kumachiza mtundu ndi kukula, osati maonekedwe a chilembo. Ngati mwayeretsa chithunzi mpaka inuyo mukuwerenga mosavuta koma Tesseract ikutulutsabe "rn" m'malo mwa "m", kapena zizindikiro ngati `&` ndi `£` pamene pali chilembo chachikulu choyamba, lekani. Vuto lili pa kapangidwe ka zilembo, ndipo kukulitsanso chithunzi n'kutaya nthawi.

Google Lens pa foni imachita bwino kwambiri pa zopiringiza, ngakhale mawu atapendekeka kapena atazungulira. Simukonza chithunzi, mungojambula. Chimene ndimaichenjerera ine ndi mtundu wa zolakwa zake. Tesseract ikalephera imatulutsa zinyalala zoonekeratu, ndipo mumadziwa kuti palakwika. Lens ikakayikira chilembo imakonda kupereka liwu looneka labwinobwino, ndiye dzina ngati Tadala kapena Limbani likhoza kusintha chilembo chimodzi inu osazindikira. Pa khadi ya ukwati, dzina ndiye chinthu chimene simuyenera kulakwitsa. Kumbukiraninso kuti imadya bandulo ndipo chithunzi chimapita kwa Google, zomwe n'zofunika kuziganizira ngati mukujambula setifiketi ya munthu.

Pa zizindikiro za makampani pali chinyengo china. Mukalozetsa Lens pa botolo la Coca-Cola, lomwe dzina lake linalembedwa m'kalembedwe kakale kotchedwa Spencerian, ikuuzani dzina mosavuta, chifukwa chizindikirocho n'chodziwika dziko lonse. Izi sizitanthauza kuti ichitanso chimodzimodzi pa chikwangwani cha saluni ya pamsika, pamene wojambula waika lumo m'malo mwa chilembo X kapena chipeso m'malo mwa E. Pamenepo palibe chilembo choti makina awerenge, pali chithunzi. Yang'anani pena pamene dzinalo lalembedwa mwawamba, monga pa lisiti kapena pa mzere wa adilesi.

Ndiye pa khadi ija ine ndingachite chonchi. Gawo lapansi, la tsiku, malo ndi manambala, ndingalidule palokha n'kulipatsa Tesseract ndi `--psm 6` ngati makhadi ndi ambiri, kapena Lens ngati ndi imodzi. Mayina ndingawataipe ndekha. Zokongoletsa pa khadi, pa setifiketi kapena pa chikuto cha buku sizichuluka, kawirikawiri ndi mutu ndi dzina basi, ndipo kutaipa mawu anayi n'kwachangu kuposa kulimbana ndi `-crop`. Khadiyo ikakhala kuti inabwera ngati PDF kuchokera kwa woipanga, yambani mwayesa kusankha mawu ndi mbewa kapena kulamula `pdftotext khadi.pdf -`. Ngati wopangayo sanasandutse zilembo kukhala zithunzi, mawu enieni ali m'kati mwa fayiloyo, ndipo kawirikawiri amatuluka onse ngakhale akhale opiringizika bwanji.