Kalata yopempha ndalama za thiraka ya galimoto: zomwe zaoneka patatha miyezi 9

Kalata yopita kwa bwana mkulu wa bungwe inali ya tsamba limodzi. Inkapempha mathiraka atatu a jipiesi, zipangizo zolondolera komwe galimoto ili, oti aikidwe m'mapikapu atatu oyenda ku Santhe, Chulu ndi Wimbe kuchokera pa boma la Kasungu. Masamu ake anali otere: galimoto iliyonse imayenda makilomita pafupifupi 2,000 pamwezi ndipo imamwa malita 10 a dizilo pa makilomita 100. Zonse zitatu ndi malita 600 pamwezi. Kalatayo inalonjeza kupulumutsa malita 60.

Omwe akupulumukadi ndi malita 30, theka chabe. Thiraka yotchipa siyeza mafuta a m'thanki, imangoonetsa komwe galimoto yapita, nthawi ndi mtunda. Choncho chomwe chinachepa ndi maulendo osalembedwa mu logibuku, makamaka a Loweruka ndi madzulo, makilomita 300 pamwezi pagalimoto zonse. Wopopa dizilo ndi paipi usiku thiraka simuona. Ameneyo amagwidwa pofananiza malisiti a mafuta ndi makilomita a mwezi womwewo: galimoto ikafika malita 13 pa makilomita 100 m'chilimwe, funsani. M'dzinja musafulumire kuloza dalaivala chala, pakuti matope ndi magiya aang'ono zimamwetsa mafuta pazokha.

Pa bajeti ndi pomwe kalatayo inaphonya kwambiri. Inalemba mtengo wa zipangizo ndi wa makaniko woziika basi. Sinawerengere bando ya simu khadi iliyonse mwezi ndi mwezi, ngakhale ndalama ya pachaka ya pulogalamu yoonera mapu. Bando ikatha, galimoto imaoneka itaima pamalo amodzi masiku angapo pomwe ikuyenda. Onani nthawi yomwe thiraka inatumiza uthenga komaliza, osati kadontho ka pamapu. Kumidzi komwe netiweki imasowa zimafanana, koma kumeneko thiraka imasunga njira n'kuitumiza ikabwerera pamsewu wa M1.

Nthambo nazo n'zofunika kuziyang'ana. Yofiira ipite ku batire kudzera pa fyuzi, yakuda ku chitsulo cha galimoto, ndipo ya ACC ilumikizidwe pomwe pamabwera moto pokhapokha kiyi akatembenuzidwa. Pa pikapu imodzi ya ACC inalumikizidwa ku moto wosazima, ndiye lipoti linkati injini yalira usiku wonse. Mabampu a misewu yafumbi amamasulanso nthambo zongopota ndi tepi, ziwotcheredwe.

Amene akulemba kalata yotereyi lero alonjeze kupulumutsa malita 5 pa malita 100 aliwonse, aike ndalama za miyezi 12 osati zogulira zokha, ndipo atchule udindo wa munthu amene azitsegula lipoti Lolemba lililonse. Mwezi wachisanu, pomwe wa zamayendedwe anali patchuthi osasiyira wina ntchitoyo, makilomita anabwerera pa 6,000.