Kosi ya ziganizo zosokeretsa: nyenyezi 4 pa 5, yomwe ndachotsayo ili ndi chifukwa

Kosi iyi ndi ya pa intaneti, yaifupi, mavidiyo ochepa komanso zoyeserera, ndipo nkhani yake ndi imodzi basi, ziganizo zomwe pa sikilini amazitchula garden path. Izi ndi ziganizo zoti galamala yake ili bwinobwino, palibe cholakwika ngakhale chimodzi, koma ukamawerenga koyamba umafika pena pake nkumva ngati wolemba wasiya mawu ena kapena walemba ali ndi tulo. Ndaimaliza yonse ndiye ndati ndilembeko kuti amene mukuganiza zolembetsa mudziwiretu.

Chomwe chandisangalatsa kwambiri ndi choyeserera cha batani. Chiganizo sichibwera chonse, amakuonetsa liwu limodzi, ukadina batani likuchoka kukubwera lotsatira, ndipo kumapeto amakupatsa girafu yoonetsa nthawi yomwe unakhala pa liwu lililonse. Chiganizo choyamba ndi chija chotchuka chomwe katswiri wa zilankhulo Thomas Bever anachigwiritsa ntchito mu 1970: "The horse raced past the barn fell". Mawu onse umangodutsa msangamsanga, hatchi inathamanga kudutsa khola, nkhani yatha, kenako mwadzidzidzi kukubwera fell ndipo girafu imakwera pomwepo chifukwa chala chimaima kaye. Mneni wachiwiriyu akuchokera kuti, mwini wake ndani?

Kafotokozedwe kake ndi komwe kandichititsa kupereka nyenyezi zambiri. Mphunzitsi sangoti "werenganinso bwino" ayi. Amaonetsa kuti raced mu Chingerezi ali ndi nkhope ziwiri zolembedwa mofanana, ikhoza kukhala "inathamanga" komanso ikhoza kukhala "yomwe inathamangitsidwa". Ndiye chiganizo chija chikunena kuti hatchi yomwe munthu wina anaithamangitsa kudutsa khola ija inagwa. Mneni weniweni ndi fell, pomwe raced past the barn akungotiuza kuti ndi hatchi iti. Chingerezi chimalola kudumpha mawu akuti that was, ndipo akadumphidwa chonchi palibe chokuchenjeza. Kenako amakupatsa umboni woti uyese wekha, achotsa raced nkuikapo ridden, "The horse ridden past the barn fell", kapangidwe nkomweko ndendende koma apa sukhumudwa chifukwa ridden sangakhale "inakwera", akanakhala rode. Apa mpomwe ndinakhutira kuti vuto si galamala, ndi liwu limodzi lokhala mbali ziwiri komanso mutu wathu womwe umasankha msanga osadikira chiganizo chithe. Njira yosinthanitsa mneniyi ndikuigwiritsabe ntchito, ndikakayika chiganizo ndimaikapo mneni wina amene nkhope zake ziwiri zimasiyana nkuona ngati chikuimabe.

Gawo la chifukwa chake mutu umathamangira njira yolakwika nalonso lili bho ngakhale vidiyo yake ndi yaitali mopitirira. Amatchula Lyn Frazier ndi Keith Rayner omwe mu 1982 anayeza mmene maso amayendera munthu akamawerenga ziganizo zotere, nkupeza kuti maso amachedwa pamalo pomwe zinthu zasokonekera ndipo nthawi zambiri amabwerera mmbuyo. Mfundo yomwe ndatolapo ndi yoti liwu latsopano likabwera timakonda kulimata ku kachigawo komwe tili nako kale mmanja mmalo moyamba kena. Sabisanso kuti akatswiri ena sagwirizana nazo zonse, amati tanthauzo la mawu limalowererapo msanga. Chitsanzo chake nchabwino, "The defendant examined by the lawyer" amapunthwitsa kuposa "The evidence examined by the lawyer", poti woimbidwa mlandu akhoza kuunika chinthu koma umboni sungaunike kanthu, ndiye ukangoona examined umadziwiratu kuti umboniwo ndiwo ukuunikidwa.

Tsopano nyenyezi yomwe ndachotsa. Ukamaliza chiganizo amangofunsa ngati wamva, udine eya kapena ayi, ukadina eya wakhoza. Izi sizikuyeza kanthu abale. Ndipo chodabwitsa nchoti kosi yomweyi ili ndi chiganizo ichi, "While Anna dressed the baby spit up on the bed", chomwe chinatchuka ndi kafukufuku wa Kiel Christianson ndi anzake mu 2001. Tanthauzo lolondola ndi loti Anna ankavala yekha, nthawi imeneyo khanda linabzikula pabedi. Khanda ndi mwininkhani wa mneni wachiwiri, si pamtherankhani wa dressed. Koma ofufuzawo atafunsa anthu ngati Anna anaveka khanda, ambiri ankayankhabe kuti eya, chonsecho funso loti khanda linabzikula ankalikhoza. Kutanthauza kuti munthu amakonza theka, tanthauzo loyamba lija limatsalirabe mmutu iye akudziona ngati wamva. Ndiye kosi yodziwa zimenezi ingafunse bwanji "wamva?" mmalo mofunsa kuti anavala ndani, anagwa ndani? Pamenepa anachita ulesi, funso limodzi pa chiganizo chilichonse likanakwanira.

China, zitsanzo zonse ndi za Chingerezi ndipo amalankhula ngati misampha yake ndi yofanana mzilankhulo zonse. Ndinayesa kupanga changa mu Chichewa: "Mayi akudya mwana analira." Koyamba umamva zoopsa eti, kenako nkuzindikira kuti mayi anali pa chakudya ndiye mwana anayamba kulira. Msampha ulipo, wofanana ndi wa Anna uja. Koma pali kusiyana komwe kosi sikanandiuza. Mu Chingerezi ukapereka the baby kwa dressed, spit up amatsala wopanda mwini ndipo chiganizo chimagwa, ndiye umakakamizika kubwerera. Mu Chichewa mneni amayenda ndi mgwirizanitsi wake, analira akhoza kuima payekha popanda dzina patsogolo, ndiye kawerengedwe kolakwika kaja sikaphwanya lamulo lililonse, chimakubweza ndi nzeru chabe yoti mayi sadya mwana. Ukapanga chiganizo choti matanthauzo onse awiri ndi otheka, monga "Pamene mayi ankachapa nsalu inagwa pansi", sungadziwe ngati ankachapa nsaluyo kapena ankachapa zina, ndipo palibe pomwe ungapunthwe. Ya hatchi ija ndiye siitheka nkomwe chifukwa inathamanga ndi inathamangitsidwa sangasokonezeke.

Kwa olemba kuli kagawo kakafupi ka kukonza, ndipo ndi kothandiza ndithu. Kwa Anna mpatuliro umodzi pambuyo pa dressed umathetsa zonse, kwa hatchi umabwezera that was basi. Ndikanakonda akanatsindika kuti polankhula misampha ngati ya Anna yambiri imatha yokha chifukwa timapumira pamalo oyenera, anangozitchula modutsa.

Pa foni choyeserera cha batani chimavuta pang'ono, nthawi zina ukadina kamodzi chimadumpha mawu awiri ndiye girafu imatuluka yabodza, pa kompyuta chimayenda bwino. Ngati mumaphunzitsa Chingerezi kapena mumakonza zolemba za anthu lembetsani, mupindula, koma mukadina eya muja muzidzifunsanso nokha kuti wachita ndani ndipo wachitiridwa ndani. Amene Chingerezi akungochiyamba kumene adikire kaye, ziganizozi zimafuna munthu woti raced, rode ndi ridden amazisiyanitsa kale.