Kalata yochokera ku Jeremani: ß alembedwe pati, ss alembedwe pati

Abale amene mukuphunzira Chijeremani kumudziko kuti mudzabwere kuno kusukulu kapena kuntchito, pali chilembo chimodzi chimene chimatipunthwitsa tonse tikangofika. Ndi ß, chimene eni ake amachitchula kuti Eszett kapena scharfes S. Chimaoneka ngati B, koma si B, ndipo mukawerenga Straße ngati "Strabe" palibe amene angakulozereni msewu. Chimamveka ngati s wa mu "sukulu", osati z.

Choyamba, yang'anani buku limene mukuphunzirira. Mayiko olankhula Chijeremani anagwirizana zosintha kalembedwe mu Julayi 1996 ku Viyena, malamulo atsopanowo anayamba kugwira ntchito mu Ogasiti 1998, ndipo anakonzedwanso mu 2006. Mukatsegula buku n'kupeza daß, muß kapena Fluß, dziwani kuti ndi la kalembedwe kakale. Lingakuphunzitseni galamala bwinobwino, koma kalembedwe kake musatengere, chifukwa lero amalemba dass, muss ndi Fluss. Ena amamva za kusinthaku n'kuganiza kuti ß anathetsedwa. Sanathetsedwe ayi. Ku Jeremani ndi ku Ositiriya alipobe. Kumene salemba ß m'pang'ono pomwe ndi ku Siwizalandi ndi ku Liechtenstein, ndipo kumeneko anamusiya kale kusinthaku kusanachitike.

Lamulo lake lagona pa vawelo imene ili patsogolo pa s uja. Vaweloyo ikakhala yaifupi, yodukiza, lembani ss: Wasser, Kasse, Schloss, müssen. Ikakhala yaitali, yokoka, lembani ß: Straße, Fuß, groß, Spaß. Mavawelo awiri ophatikizana, monga ei, au, eu ndi äu, amawerengedwa ngati aatali, n'chifukwa chake timalemba heiß, weiß ndi draußen. Nayenso ie ndi i wautali: schließen, gießen.

Pamapepala n'zosavuta. Vuto lathu ife lili m'khutu ndi pa lilime. M'Chichewa timakonda kukoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, makamaka tikamatsiriza chiganizo. Mvetserani mmene mumatchulira "madzi" kapena "nyumba". Chizolowezi chimenechi timachitengera m'Chijeremani, ndiye Masse, kutanthauza unyinji kapena mulu wa zinthu, timamutchula ngati Maße, kutanthauza miyezo. Busse ndi mabasi, pamene Buße ndi kulapa kapena chindapusa. Munthu akadzitchulira yekha liwu mokoka kenako n'kutsatira lamulo mokhulupirika, amalemba ß pamalo olakwika. Lamulo walitsata ndithu, koma khutu ndi limene lamunamiza. Choncho musamadalire katchulidwe kanu pa miyezi yoyambirira. Mvetserani mwini chinenero, kapena onani mu dikishonale ya Duden, imene imaika kadontho pansi pa vawelo yaifupi ndi kamzere pansi pa yaitali.

Tiyeni tione uthenga wamba umene munthu angalembere bwana wake wa kuntchito:

Ich weiß, dass ich das Zeugnis morgen bringen muss. Mit freundlichen Grüßen

Tanthauzo lake ndi lakuti ndikudziwa kuti mawa ndiyenera kubweretsa satifiketi, kenako malonje otsekera kalata. Mu weiß muli ei, ndiye ß. Mu muss u ndi wamfupi, ndiye ss. Mu Grüßen ü ndi wautali, ndiye ß. Yerekezani ndi Küsse, mipsopsono, mmene ü yemweyo amadukiza. Mawu atatu amenewa lamulo lawatha. Atsala atatu amene lamulo silikuwafikira.

Zeugnis ali ndi i wamfupi koma s mmodzi yekha. Mawu onse othera ndi -nis amatero akakhala amodzi, ndipo ss amatulukira pochulukitsa: Zeugnis, Zeugnisse, Ergebnis, Ergebnisse. Chimodzimodzi Bus ndi Busse. Timawu tating'ono monga was, bis, es ndi des natonso tili ndi s mmodzi, tongoloweza pamtima.

Nanga das ndi dass? Apa ngakhale Ajeremani obadwira konkuno amalakwitsa, chifukwa mawu awiriwa amamveka chimodzimodzi. Khutu silithandiza, ithandiza ndi galamala. Dass ndi mlumikizi, ndipo nthawi zambiri amafanana ndi "kuti" wathu wa mu "ndikudziwa kuti abwera". Das amaloza chinthu. Ana asukulu kuno amaphunzitsidwa kuyesa motere: chotsani liwulo, muikepo dieses, jenes kapena welches. Chiganizo chikamvekabe, ndi das. "Dieses Zeugnis" zikumveka, ndiye das Zeugnis. "Ich weiß, dieses ich…" sizikumveka, ndiye dass, ndipo patsogolo pake pamakhala chizindikiro cha mpatuliro.

Pali msampha wina. Si s aliyense wobwera pambuyo pa vawelo yaitali amene amakhala ß. Haus, Preis ndi Gras ali ndi s wamba. Njira yodziwira ndi kulitalikitsa liwulo. Haus amakhala Häuser, ndipo s uja amasanduka z pomveka, ndiye ndi s wamba. Fuß amakhala Füße, s akadali wakuthwa, ndiye ß. Chenjerani kuti kummwera kwa Jeremani ndi ku Ositiriya anthu ambiri satulutsa z ameneyu bwinobwino, moti amene muli kumeneko dikishonale isakutalikireni.

Aneni ndi amene amaonetsa kuti lamulo latsopanoli ndi labwino kuposa lakale. Mneni mmodzi amasinthasintha malinga ndi vawelo: essen, kudya, amapereka er isst, er aß, gegessen. Wissen amapereka ich weiß, ich wusste. Lassen amapereka er lässt, er ließ. Musaloweze kuti "mneni uyu ndi wa ß". Funsani vawelo pa kalembedwe kalikonse. Kale ankalemba ißt, wußte ndi läßt ngakhale mavawelo ake ndi aafupi, chifukwa ss sankaloledwa kumapeto kwa liwu kapena patsogolo pa t. Chimenecho ndi chimene chinachotsedwa.

Pa mafomu odzaza ndi zilembo zazikulu, ß amasanduka SS: STRASSE. Kuyambira 2017 chilembo chachikulu ẞ chinavomerezedwanso, ndiye STRAẞE si cholakwa. Pa foni, dinikizani s kwa kanthawi ndipo ß aonekera, makamaka mukaika kiyibodi ya Chijeremani. Pa kompyuta ya Windows gwirani Alt n'kulemba 0223 pa manambala a kudzanja lamanja. Pa Mac ndi Option ndi s. Mayina a anthu sanakhudzidwe ndi kusinthaku, choncho wina ndi a Groß, wina a Gross, ndipo polembera kalata koperani dzinalo monga mwini wake amalilembera.

Zosintha zina zimene mudzakumane nazo tsiku ndi tsiku n'zochepa. Zilembo zitatu zofanana zikakumana m'mawu ophatikiza, zonse zimalembedwa: Schifffahrt, Schlusssatz. Mawu ena anatsatira tsinde lawo, monga nummerieren kuchokera ku Nummer, platzieren kuchokera ku Platz, ndi Tipp amene kale anali Tip. Nthawi za tsiku zinatenga chilembo chachikulu: heute Abend, gestern Nacht, morgen Mittag. Kupalasa njinga tsopano ndi Rad fahren, mawu awiri. M'kalata kwa mnzanu mutha kulemba du kapena Du, koma Sie waulemu ndi wamkulu nthawi zonse.

Mabuku osindikizidwa pakati pa 1996 ndi 2006 nawonso muwasamale pang'ono. Mmenemo mudzapeza "Es tut mir Leid", mawu opepesera, ali ndi L wamkulu. Kalembedwe kameneko kanasiyidwa mu 2006, ndipo lero mukapepesa kwa bwana kuti mwachedwa, mulembe "Es tut mir leid".